Apongozi Alowa pa Laivi

Laison adakwatira kwa aNangondo, pamudzi wina kuseri kwa Namitete, ndipo zaka zonse za chikamwini chake sadawaonepo apongozi akewo kumaso. Ankadziwa zidendene zawo, duku lawo lobiriwira, ndi katsokomoledwe kawo kochenjeza kuti akubwera. Koma akadakumana nawo mu minibasi ya ku Lilongwe atavala duku lina, bwenzi atawauza kuti asendere ngati munthu wamba. Masiku ano kuli akamwini opatsana moni wa m'manja ndi apongozi awo, ena mpaka kukwezana panjinga. Kwa aNangondo zimenezo ankati ndi kupanda mwambo. Mukakumana panjira, mkamwini azipatukira kutchire n'kunyonyomala atayang'ana kumbali. Mawu azidzera mwa munthu wina, ngakhale akhale ongonena kuti mbuzi yalowa m'dimba.

Laison sankawiringula, paja wakwatira kwa mphenzi saopa kung'anima. Koma mtima wake udali kwawo, pa Namitete penipeni, komwe adali atamanga kanyumba koyang'ana msewu. Ankafuna chitengwa, kuti amutenge mkazi wake Nellie ndi kamwana kawo akakhale kumeneko. Ankhoswe adagwirizana zokumana Loweruka. Atsibweni ake a Nellie adaneneratu kuti iwo adzangovomera zomwe anene mlongo wawo, ndipo mlongo wawoyo, mayi wamasiye amene ana ake aamuna onse adathera ku Joni, adali atatumiza kale maganizo awo kudzera mwa Nellie.

"Munthu wolankhula yekha ndi foni pakhonde dzuwa likuswa mtengo, ndimupatse mwana wanga akamudyetse chiyani?"

Kulankhula ndi foniko ndiyo idali ntchito ya Laison. Ankaoda katundu ku Lilongwe, masipuleya opoperera mbewu, mafulasiki ndi mawailesi oyendera dzuwa, n'kumagulitsa pa laivi ya TikTok. Kuti aloledwe kuyatsa laiviyo adayenera kukhala ndi omutsatira chikwi, ndipo adawapeza movutikira ngati wofuna ufumu: kutchalitchi, kumpira, ngakhale pamaliro, akunong'oneza anthu kuti amutsatire. Tsiku lililonse masana ankaimika foni pa sitandi pakhonde, chifukwa m'nyumba netiweki inkachita manyazi. Ankanyamula katundu mmodzimmodzi, kumutembenuza, kumuyesa anthu akuona, n'kumayankha mafunso omwe ankakwera pagalasi la foniyo. Wofuna kugula ankalemba kuti "ndatenga," kenako n'kupita pa Watsapu, kutumiza ndalama pafoni, ndipo katundu ankapita ndi kondakitala wa minibasi kapena wa kabaza. Lamulo la ntchitoyi adalidziwa bwino. Funso silichedwetsedwa, ndipo munthu akalowa umamutchula dzina, apo ayi chala chake chimutengera kwa ovina.

Lachisanu, kutatsala tsiku limodzi kuti ankhoswe akumane, Nellie adabereka mwana m'mawa kupita naye kusikelo. Laison adagula bandulo, kulumikiza foni ku pawabanki, kuyala chitenje pathebulo, n'kuyatsa laivi. Oonera adali ake a masiku onse, osakwana ngakhale kudzaza benchi ya m'tchalitchi. Padali a Benedeta a ku Nambuma, mayi wa golosale amene adagulapo mafulasiki awiri. Padalinso Godfrey wa ku Nsaru, munthu amene adafunsa mtengo wa chinthu chilichonse chimene Laison adagulitsapo, koma osagula ngakhale singano.

"Takulandirani a Benedeta, mwaswera bwanji ku Nambuma? A Godfrey, ndakuonani, mtengo sunasinthe kuyambira dzulo. Gogodani pagalasipo, abale, mitima ikwere. Lero tili ndi sipuleya ya malita sikisitini, mvula ili pafupi, mbozi sizidikira munthu. Takulandirani a Gloria. Takulandirani a Ane..."

Adalekeza pomwepo. Pansi pagalasi padalembedwa dzina la munthu amene adangolowa kumene, ndipo dzinalo lidali Anesi Nangondo. Laison adali asadalitchulepo dzina limeneli chikwatirire, ndipo tsopano adali atalidya theka pamaso pa anthu. Adatchera khutu. Kutsidya kwa bwalo, kupitirira nkhokwe, pakhonde la apongozi pankamveka mawu a mwamuna, ochedwa pang'ono ngati munthu woyankha ali mtulo: "Takulandirani a Gloria. Takulandirani a Ane..." Adali mawu ake omwe, akutuluka mu foni yomwe alamu ake adatumiza kuchokera ku Joni.

Apa miyendo idaganiza msanga kuposa mutu. Laison adatembenuka, kugwada, n'kuyang'ana khoma. Oonera adatsala ndi nkhongo yometedwa bwino ndi shati ya mizeremizere.

Adagwada choncho akuganiza chochita. Kuzimitsa laivi kukadakhala kuthamangitsa apongozi pakhomo, komanso kuvomera kuti ntchitoyi ndi yoti munthu angaibise. Kutembenuka kukadakhala kuwayang'ana m'maso, chifukwa wolankhula pa laivi amayang'ana aliyense amene akuonera. Zonse ziwiri zikadafika kwa ankhoswe mawa tambala asanalire. Kukhala chete nakonso ndi imfa ya malonda. Ndiye adakonza kukhosi, n'kulankhula ndi khoma.

"Abale amene mukuonera, musachoke. Netiweki ili bwinobwino. Kwangobwera alendo olemekezeka amene sindingawatchule. Makomenti anu sindikuwaona. Ngati a Benedeta mulipo, chonde pemphani kulowa ngati mlendo, muzindiwerengera."

Adasolola chitenje cha pathebulo, kudzifunda kumutu, n'kukwawa chafutambuyo mpaka pa sitandi. Adasuzumira ndi diso limodzi pakona ya galasi pokha, kuvomera pempholo, n'kubwerera kukhoma kwake. Galasi lidagawika. Mbali ina kudatulukira nkhope yaikulu ya a Benedeta, kumbuyo kwawo kuli mashelefu a sopo ndi mchere.

"Iwe Laison, wakomoka kapena ukupemphera?"

"Mayi, alowa eni mudzi."

A Benedeta adayang'anitsitsa maina, n'kugwira pakamwa. Iwo adali ndi akamwini awiri, ndipo nkhaniyi sidafunike kuwamasulira. Adakonza chitenje chawo, nkhope n'kuisandutsa ya pa chinkhoswe.

"Tamva. Khala momwemo, usatembenuke. Inu nonse olemba zopusa, lekani, pano pali apongozi. Amayi aNangondo, takulandirani, mwaswera bwanji? Eya, ayankha. Akuti aswera bwino, kaya ife. Laison, akuti kaya ife."

"Muwauze kuti taswera bwino, tathokoza," adatero Laison, akuwomba m'manja molunjika khoma.

"Akuti aswera bwino, athokoza," a Benedeta adabwereza, ngakhale mawu a Laison adali atafika kale kutsidya kwa bwalo kawiri konse, koyamba ndi mphepo, kachiwiri ndi foni.

Motero mawu adayamba kuyenda ulendo wautali kwambiri umene mawu adayendapo pamudzipo. ANangondo ankalemba ndi chala chimodzi pakhonde pawo. Zolembazo zinkakwera kumwamba, kukazungulira kaya ku maiko ati, n'kutsikira ku Nambuma. A Benedeta ankaziwerenga mokweza, mawu awo n'kukweranso kumwamba, kudzatsikira pamsana pa Laison, amene adali pamtunda woti nkhuku ikhoza kuyenda osapuma. Bandulo ya anthu atatu inkapsa kuti mwambo usaphwanyike, ndipo sudaphwanyike.

"Godfrey akufunsa mtengo wa sipuleya," adatero a Benedeta.

"Akuudziwa."

"Akuti lero akufuna aumve kuchokera kunkhongo."

Laison adatchula mtengowo, n'kukoka sipuleya ndi dzanja. Popeza adali atayamba kale kuionetsa, adayenera kumaliza. Adaiberekera kumsana ali chigwadire, kumanga malamba, n'kuyamba kupopa ndi dzanja lamanzere. Apa padachitika chinthu chimene iye sadachiganizepo miyezi yonseyi. Sipuleya ndi katundu wa kumsana. Masiku onse ankaivala atayang'ana kamera, anthu n'kumangoona malamba awiri ndi mano ake. Lero adaona thanki yonse, m'mene imakhalira pamsana, chivundikiro chake, ndi mpini ukukwera ndi kutsika.

"Ee, mafunso agwa ngati matalala," adatero a Benedeta. "Wina akuti siidontha pa chivundikiropo? Gwedezeka tione."

Laison adagwedeza msana uku ndi uku, madzi akukhuvuka m'kati.

"Siinadonthe. Wina akuti malamba sadula mapewa ikadzaza? Wina akuti kamlomo kakatsekeka zosinthira zilipo? Yankha mmodzimmodzi, usathamange."

"Malamba ali ndi kathonje, onani apa. Timilomo timabwera titatu m'kathumba, kena komwaza, kena kolunjika. Mukatha kupopera muzitsuka ndi madzi oyera, musamagoneke mankhwala m'menemo."

"Wa ku Kabudula akuti watenga imodzi. Wa ku Mpingu watenganso. Iwe, oonera apitirira handiredi. Anthu akutumizirana laiviyi. Wina waponya duwa, akuti ndi la apongozi."

"Muwauze alowe pa Watsapu, nambala ili pa mbiri yanga pamwambapo."

Mtima wa Laison udagunda mwa mitundu iwiri. Anthu ochuluka chonchi adali asadawaonepo, ndipo ngakhale lero sankawaona. Ankangomva manambala kuchokera ku Nambuma, maso ali pa mng'alu wa khoma momwe nyerere zinkalowa ndi kutuluka.

"Chete nonse," adatero a Benedeta. "Alemba eni ake. Akuti, sipuleyayo imafika patali bwanji? Akuti malonda ndi m'maso."

Wogula akafunsa, umamuonetsa. Laison adapopa mwamphamvu, kukweza ndodo ya sipuleya pamwamba pa phewa kuti madzi aoneke pa kamera, n'kufinya. Madzi adauluka bwino ndithu. Koma potsitsa, ndodoyo idakola sitandi, foni n'kuzungulira pa khosi lake ngati mutu wa kadzidzi, kusiya khoma n'kuyang'ana kubwalo.

A Benedeta adakuwa. Kenako adatsitsa mawu.

"Laison, usatembenuke. Foni yapotoloka. Tikuona nkhokwe, tikuona mbuzi, ndipo tikuona mayi atakhala pamkeka pakhonde la nyumba ya malata. Duku lobiriwira."

"Mayo ine. Akuyang'ana kuno?"

"Ayi. Atipatsa msana. Ayang'ana khoma lawo."

Zidali zoona. ANangondo, atangoona nkhope ya mkamwini wawo pagalasi pachiyambi paja, nawonso adatembenuka kuyang'ana khoma, ngati kuti kutembenukako kuchotsa nkhopeyo m'manja mwawo. Foni adaigwira patali, akuiyang'ana ndi ngodya ya diso. Tsopano pa foniyo adaona mayi wina wa duku lobiriwira atakhala pamkeka. Adamuyang'ana mayiyo kanthawi, akudabwa kuti chitenje chake chikufanana ndi chawo. Adakweza dzanja kukanda khutu, ndipo patapita kamphindi mayi uja naye adakanda khutu.

"Alemba," adatero a Benedeta, akubisa kuseka. "Akuti, auzeni achotse msana wanga pa dziko lonse."

Laison adavula sipuleya, kudzifundanso chitenje, n'kukwawa chafutambuyo kachiwiri. A Benedeta ankamuongolera ngati woimika lole pa msika wa fodya. Kumanzere, bwerera pang'ono, wapitirira, gwira khosi la sitandi osati waya. Kwa kanthawi oonera adaona denga, kenako chikhatho, kenako mbuzi ili chozondoka. Pomaliza nkhongo ija idabwerera pamalo pake, ndipo mitima idakwera pagalasi ngati ngumbi zikutuluka pachulu.

Pofika apa pa laivi padabuka mlandu. A Benedeta ankawerenga zina, zina n'kuzidumpha. Wina wa ku Chiwamba adati kuonana pafoni si kuonana, chifukwa ndi chithunzi chabe. Wina adamuyankha kuti chithunzi cholankhula ndi munthu. Mphunzitsi wina adati mwambo uyenera kuyenda ndi nthawi, ndipo amayi angapo adamufunsa ngati adakwatira. Mnyamata wina wa ku Joni adalemba kuti walira, wakumbuka kwawo. Godfrey adati iye apongozi ake amadya nawo chipisi pa Nsaru popanda vuto.

"Godfrey, n'chifukwa chake sugula kanthu, ulibe madalitso," adatero a Benedeta. "Laison, wina watenga fulasiki yofiira. Ikweze pamutu ioneke. Tsegula, akufuna aone ngati galasi la m'kati ndi lathunthu."

Laison adatsegula fulasiki pamwamba pa mutu wake, kuipendeketsa kuti kamera ione m'kati, madontho a tiyi wa m'mawa n'kumutsikira m'khosi mwa shati. Sadadandaule. Mantha ake adali amodzi okha, akuti apongozi akuona zonsezi ngati chionetsero cha wamisala, ndipo mawa adzangoti, mwaona nokha.

Nthawi imeneyi ndiyo Nellie adatulukira panjira, mwana kumsana, ambulera m'manja. Adaima pakati pa bwalo. Kudzanja lamanja mwamuna wake adagwada atayang'ana khoma, fulasiki ili pamutu. Kumanzere mayi ake adakhala atayang'ana khoma lawo, foni ili patali ngati ikununkha. Mawu a mayi wina wosamudziwa ankamveka mbali zonse ziwiri, kuno msanga, uko mochedwa. Nellie adamvetsa zonse. Ndiye amene adawaikira TikTok mayi akewo dzulo lake, iwo atamuuza kuti sangaweruze mlandu wa ntchito imene sadaione. Kungoti sadayembekeze kuti afika nayo pamenepa.

"Alembanso eni ake," adatero a Benedeta. "Akuti za minda zakwana. Akufuna aone wailesi."

Laison adatsitsa fulasiki, kufufuza ndi dzanja pathebulo, n'kukweza wailesi yakuda yokhala ndi tochi kutsogolo ndi kagalasi ka dzuwa pamwamba. Adaisenza pamutu, kukoka mlongoti, n'kuyatsa. Idalira nyimbo ya kwaya.

"Muwauze kuti iyi ndi ya zinthu zitatu. Wailesi, tochi, komanso imatchaja foni. Mabatire ogula safunika, mungoiika padzuwa."

"Amva. Akulemba, dikira, amalemba pang'onopang'ono. Akuti, munthu wa maso ofooka angayatse yekha popanda womuthandiza?"

"Angayatse. Batani lalikululi ndi lomwelo, mungopotokola. La tochi lili pambali, limamveka ndi chala ngakhale mumdima."

"Akuti, waya wotchajira foni amalowa pati? Uonetse bwino, akuti sadzakhala ndi womufunsa."

Laison adatembenuza wailesi kuti kumbuyo kwake kuyang'ane kamera, kulozetsa kabowo ndi chala, kulowetsa waya, kuutulutsa, kuulowetsanso pang'onopang'ono. Mawu akuti sadzakhala ndi womufunsa adamudutsa kaye ngati mphepo, chifukwa mutu udali pa malonda. Foni ya aNangondo inkatchajidwa kunyumba kwake, pa sola yake, ndipo Nellie ndiye ankapita nayo ndi kubwera nayo tsiku lililonse.

"Funso lina. Akuti, imalankhula tsiku lonse osatopa? Kuyambira m'mawa mpaka munthu kugona?"

Apa Laison adazengereza. Pa bokosi padalembedwa maola ambirimbiri, ndipo oonera adali atakwana mazana. Kungoti "eya" kukadagulitsa mawailesi onse a pathebulo. Koma iye adaiyesapo wailesiyi m'nyengo ya mitambo, ndipo ankadziwa khalidwe lake.

"Godfrey akuti ungovomera, apongozi sangabweze katundu kwa mkamwini," adatero a Benedeta.

"Muwauze chilungamo," adatero Laison. "Dzuwa likawala bwino, ndipo aitsitsa mawu, imafika madzulo. Akatchajirapo foni, imatopa msanga. Kukachita mvumbi masiku awiri, kagalasika n'kakang'ono, wailesi imangonong'ona, mwina kukhaliratu chete mpaka dzuwa libwere. Za pabokosizi asazimvere."

"Iwe, wathawitsa makasitomala. Wina amene amafuna awiri akuti aganize kaye."

"Aganize."

Makomenti adachepa, ngati anthu onse aja adadziwa kuti chala chimodzi chikugwira ntchito kutsidya kwa nkhokwe. Wailesi idapitiriza kwaya yake pamutu pa Laison. Nellie adali chiimire pakati pa bwalo, akugwedeza mwana amene sankalira n'komwe.

"Alemba," adatero a Benedeta. Nthabwala idali itachoka m'mawu mwawo. "Akuti, yonong'onayo ndi yomweyo. Bola m'nyumba muzimveka mawu a munthu."

Adaima, kupukuta galasi la foni yawo ndi chitenje, n'kupitiriza.

"Akuti, ndatenga. Akuti ibwere lero, Nellie andiphunzitse asanayambe kumanga katundu wake."

Laison adatsitsa wailesi pang'onopang'ono n'kuiika pansi. Adamva bwinobwino, koma mwambo ndi mwambo, ndipo mtima sukhulupirira msanga chinthu chimene waudikira nthawi yaitali.

"Mayi Benedeta, mubwereze."

"Wamva, mwana iwe. Akuti asanayambe kumanga katundu. Wapatsidwa mkazi, uzipita naye kwanu."

Pagalasi padagwa maluwa ndi mitima, anthu osadziwana akulemba nthungululu m'malembo. Laison sadaone chilichonse cha izi. Chimwemwe chidamufikira, koma chidakumana ndi chisoni panjira, chifukwa tsopano adamvetsa mafunso onse aja. Zaka zonsezi ankawaona aNangondo ngati chipata chotseka. Sadaganizepo kuti kuseri kwa chipatacho kuli mayi amene akuwerengera kuti m'nyumba mudzakhala zii bwanji. Adawomba m'manja katatu, mwaulemu wonse, kuwombera khoma.

"Muwauze kuti tathokoza kwambiri. Wailesiyo ndi mphatso, asalipire."

"Akana. Akuti iwo alowa ngati wogula, atuluka ngati wogula. Dikira, akulembabe." A Benedeta adasendeza nkhope pafupi ndi galasi. "Akuti, ku Namiteteko laivi izikhala nthawi yomweyino, akabwera kudimba. Akuti azilowa tsiku lililonse osaphonya. Akuti Nellie ndi mwana azidutsadutsa kumbuyoko, aziwaona ngati akunenepa."

Padapita kamphindi kuti nkhaniyi ikhazikike m'mitu ya anthu. Woyamba kuimvetsa adali Godfrey, ndipo a Benedeta adawerenga zolemba zake akuseka ndi misozi m'maso.

"Akuti, ndiye kuti achimwene mudzagulitsa ndi nkhongo mpaka kukalamba."

Laison adayang'ana khoma lija. Adaganiza za kanyumba kake koyang'ana msewu, ndi m'mene adalotera ataima pakhomo pake ngati mwini, nkhope poyera, wopanda womuthawa. Kenako adaganiza za mayi wokhala yekha pamkeka, wailesi ikunong'ona pambali, akudikira kuti mwana wake adutse pagalasi.

"Muwauze kuti tamva," adatero. "Nthawi yomweyino. Khoma liliko kumenekonso."

Nellie sadapite kwa mwamuna wake. Adawoloka bwalo, kumasula mwana, kumuika pamiyendo ya mayi ake, n'kukhala pamkeka pambali pawo, nayenso atayang'ana khoma. ANangondo adaika foni pansi chafufumimba n'kumukumbatira mdzukulu wawo, koma pa laivi sadatulukemo. Dzina lawo lidali pomwepo pakati pa oonera.

"Laison," adaitana a Benedeta patapita nthawi, akumina. "Wina wa ku Kabudula akufunsa ngati fulasiki yabuluu ilipo."

Laison adapukuta maso ndi mkono wa shati, kufufuza pathebulo ndi dzanja, n'kuikweza pamwamba pa mutu.